Wolemba "Malawi" sakupeza mabuku olembedwa "Malaŵi": kodi kachipewa ndikachotse motani?

Nabanda

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndimasamala kaundula wa pa kompyuta wa laibulale ina yaing'ono ku Zomba, momwe muli mabuku akale ambiri a Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo mitu ya mabukuwo inalembedwa ndi anthu osiyanasiyana pa zaka zingapo. Sabata yatha mphunzitsi wina anabwera kudzafuna buku lomwe ndimalidziwa bwino, chifukwa ndinali nditalibwezera ndekha pa shelefu m'mawa womwewo, koma atalemba `Malawi` m'kabokosi kofufuzira bukulo silinatuluke. Mutu wake unalembedwa ndi w wa kachipewa, ndiye ndinamuuza kuti alembe `Malaŵi`. Apa ndi pomwe ndinasokonezeka kwenikweni, chifukwa mabuku ena a kachipewa anatuluka, pomwe lomwe tinkafunalo silinatulukebe, ngakhale kuti pa sikirini mitu yonseyo imaoneka yofanana ndendende. Pulogalamu yathu ndi ya Python. Kodi chikuchitika ndi chiyani, ndipo ndingakonze motani?

Gondwe

Mayi Nabanda, mavuto anu ndi awiri, ndipo ndi bwino kuwalekanitsa. Loyamba mwaliona kale, kuti kwa kompyuta w ndi ŵ ndi zilembo ziwiri zosiyana. Lachiwiri ndi lobisika: mu Unicode, ŵ amatha kusungidwa m'njira ziwiri. Atha kukhala chilembo chimodzi chokhala ndi nambala yakeyake, `U+0175`, kapena kukhala w wamba, `U+0077`, wotsatiridwa ndi kachipewa koima pakokha, `U+0302`, komwe kompyuta imakajambula pamwamba pa chilembo chomwe chili kumbuyo kwake. Maso anu sangasiyanitse, koma pulogalamu ikamayerekeza imayang'ana manambalawo. Tengani mutu wa buku losowalo ndi mutu wa lina lomwe linatuluka, muyese motere:

```python
print(len(s), [hex(ord(c)) for c in s])
```

Mawu oti Malaŵi akakhala m'njira yoyamba ali ndi zilembo 6 ndipo mudzaona `0x175`. Akakhala m'njira yachiwiri ali ndi 7 ndipo mudzaona `0x77` kenaka `0x302`. Mutiuze zomwe mwapeza tisanapitirire.

Nabanda

Zili monga mwanenera, Bambo Gondwe. Buku losowa lija latulutsa 7. Ndafunsa amene analowetsa mitu ya shelefu imeneyo, ndipo akuti sanaitayipe, anaikopera ku maina a mafayilo omwe anachokera pa kompyuta ya Mac.

Gondwe

Ndiye gwero lake lapezeka. Kasungidwe kakale ka mafayilo pa Mac, kotchedwa `HFS+`, kamasunga maina a mafayilo zilembo zake zitaphwasulidwa, kotero amene wakopera dzina la fayilo amatenga w ndi kachipewa padera osadziwa. Njira ziwirizi zili ndi maina ake. `NFC` imalumikiza chilembo ndi kachizindikiro kake kuti zikhale chimodzi paliponse pomwe n'zotheka, pomwe `NFD` imaziphwasula. Mukadutsitsa mitu yonse ndi mawu ofufuzira mu `NFC`, vuto lachiwiri latha, koma loyamba likadalipo, chifukwa `Malawi` adzakhalabe wosiyana ndi `Malaŵi`. Pofuna kuthetsa onse awiri, timapita mbali inayo: timaphwasula ndi `NFD` kuti kachipewa kaime pakokha, kenaka n'kukataya. Chotsala ndi w wamba, kaya mutuwo unasungidwa m'njira iti poyamba.

Chisale

Ine ndikuona ngati tikuzungulira pa nkhani yaing'ono. Masiku ano ndi anthu ochepa amene amalemba kachipewako, ndipo pa foni ambiri sadziwa n'komwe pomwe kali. Bwanji osangolamula nkhokwe yonse kuti paliponse pali ŵ pakhale w, nkhani ithe lero lomwe?

Nabanda

Bambo Chisale, zimenezo sindingachite. Kaundula wa laibulale amayenera kusunga mutu monga unasindikizidwira pa chikuto cha buku, ndipo m'mabuku athu a Chitumbuka mawu ngati ŵanthu ndi ŵana ali paliponse. Ndikafufuta kachipewa m'nkhokwe, sindidzathanso kudziwa kuti ndi mutu uti unali nako ndi uti unalibe, pokhapokha nditatsitsa mabuku onse m'mashelefu n'kuyambanso kulemba. Chomwe ndikufuna ndi chakuti wofufuza apeze buku ngakhale sanalembe kachipewa, koma likatuluka alione lili ndi kachipewa kake.

Gondwe

Mayi Nabanda akunena zoona, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kuchotsa tizizindikiro ndi ulendo wopita kokha, wosabwerera. N'chifukwa chake mutu weniweni umasiyidwa momwe uliri, ndipo pambali pake mumawonjezera danga lina losungiramo kiyi yofufuzira, yomwe ndi mutu womwewo utachotsedwa tizizindikiro ndiponso utasandutsidwa zilembo zazing'ono. Wowerenga saiona kiyiyo. Mawu omwe iye walemba m'kabokosi amadutsa m'ndondomeko yomweyo, kenaka pulogalamu imayerekeza kiyi ndi kiyi. Ndikutsindika mawu oti yomweyo, chifukwa cholakwika chomwe ndachiona kawirikawiri ndi chakuti munthu amayeretsa mbali imodzi yokha. Akayeretsa nkhokwe yokha, wolemba `Malawi` amapeza zonse, koma wolemba mosamala `Malaŵi` sapeza kalikonse, ndipo ameneyo nthawi zambiri ndi mphunzitsi wa chiyankhulo amene sadzaikhulupiriranso pulogalamu yanu.

Mbewe

Pali mzere umodzi womwe ine ndakhala ndikugwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali ndipo sunandivutepo:

```python
unicodedata.normalize("NFKD", s).encode("ascii", "ignore").decode()
```

Umaphwasula zilembo, kenaka umataya chilichonse chomwe si chilembo wamba cha pa kiyibodi. Ndangouyesa pa `Malaŵi` ndipo watulutsa `Malawi`. Sindikuona chifukwa cholembera zambiri kuposa pamenepa.

Gondwe

Bambo Mbewe, pa ŵ mzere wanu ukugwiradi ntchito, ndipo theka loyamba la ganizo lanu ndi lolondola. Theka lachiwiri ndi lomwe limaononga, chifukwa mawu oti `ignore` sasankha tizizindikiro tokha, amataya chilembo chilichonse chomwe sichinasanduke chilembo wamba. Pali zilembo zambiri zomwe maso athu amaziona ngati chilembo chokhala ndi kachizindikiro, koma Unicode siziphwasula konse. Zitsanzo ndi ø wa ku Denmark ndi Norway, ł wa ku Poland, ndi ŋ amene akatswiri a ziyankhulo amalemba m'malo mwa ng' wathu. Yesani dzina la mzinda wa `Łódź`: ó ndi ź amaphwasuka bwino, koma Ł satero, ndiye mzere wanu umamutaya yense n'kusiya `odz`. Wolemba `Lodz` sadzaupeza mzindawo, ndipo palibe uthenga uliwonse wochenjeza kuti chilembo chatayika. Mutu wolembedwa m'Chiarabu kapena Chitchaina umatheratu, n'kutsala kiyi yopanda kanthu.

Mwina munganene kuti mabuku a ku Poland ndi ochepa ku Zomba, ndipo ndikuvomera. Koma yesaninso mawu awiri awa, omwe ndi athu enieni: `ng'ombe` wotayipidwa ndi nkhodolero yowongoka, ndi `ng’ombe` wa nkhodolero yopindika, yomwe mapulogalamu olembera makalata ndi mafoni ambiri amaika okha.

Mbewe

Ndayesa. Woyamba watuluka `ng'ombe` koma wachiwiri watuluka `ngombe`. Sindinkadziwa zimenezi, ndipo zikundidetsa nkhawa chifukwa ndili ndi kaundula wa mamembala a gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, momwe maina ngati Ng'oma ndi Mang'anda alipo ambiri. Koma kodi `NFKD` si ndiyo iyenera kufananitsa nkhodolero ziwirizo? Ndinkaganiza kuti ntchito ya K ndi imeneyo.

Gondwe

Ambiri amaganiza choncho, koma ayi. Nkhodolero yowongoka ndi `U+0027`, yopindika ndi `U+2019`, ndipo palinso ina, `U+02BC`, yomwe Unicode imaiwerenga ngati chilembo. Palibe mwa njira zinayi zonse, `NFC`, `NFD`, `NFKC` ndi `NFKD`, yomwe imasandutsa imodzi kukhala inzake. Ntchito ya K ndi ina. Imamasula zilembo zomwe zinangosiyana maonekedwe, monga `ﬁ` womatirira yemwe amabwera mukakopera mawu mu PDF n'kukhala f ndi i, kapena mpata wosaduka wa `U+00A0` n'kukhala mpata wamba, kapena `²` n'kukhala 2. Pa kiyi yofufuzira zimenezi n'zothandiza, n'chifukwa chake nanenso ndimasankha `NFKD` osati `NFD`. Pa mutu weniweni sindingaigwiritse ntchito, chifukwa imasintha tanthauzo: `10²` amasanduka `102`. Nkhodolero muyenera kuifananitsa nokha ndi dzanja.

Anaphiri

Ndiloleni ndilowepo ndi nkhani yanga, ngakhale kuti si ya mabuku. Ndimagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono kufupi ndi malire ku Dedza, ndipo odwala ambiri amachokera ku Angónia, tsidya la Mozambique. Maina awo pa ziphaso amalembedwa m'Chipwitikizi, monga João ndi Conceição, koma alembi athu amatayipa Joao ndi Conceicao, ndipo munthu mmodzi amapezeka ali ndi makadi awiri. Zimenezo ndikumva tsopano kuti `NFD` ingathandize, popeza ã ndi ç zimaphwasuka. Chomwe chikundizunguza ndi china. Tinalandira mndandanda wa midzi wotayipidwa tsidya lija, ndipo mnyamata amene amatithandiza pa kompyuta atauyeretsa ndi `NFKD`, mawu onse a ng' anaduka pakati. Pomwe panali ng'ombe panatuluka `ng ombe`, mawu awiri, mpata uli pakati. Kodi mpatawo unachokera kuti?

Gondwe

Mayi Anaphiri, ndikukhulupirira kuti amene anatayipa mndandandawo sanagwiritse ntchito nkhodolero konse. Pa kiyibodi ya Chipwitikizi pali batani la kachizindikiro koika pa á ndi é, ndipo likakanikizidwa popanda chilembo choti kakhalepo limatulutsa `´`, chomwe ndi `U+00B4`. Chimaoneka ngati nkhodolero, ndiye anthu amachigwiritsa ntchito m'malo mwake. Tsoka lake ndi lakuti `NFKD` imachiphwasula kukhala zinthu ziwiri, mpata wamba ndi kachizindikiro `U+0301`. Mukataya kachizindikiroko, mpata umatsala. Muuzeni mnyamatayo ayang'ane manambala a mawu amodzi m'fayilo yoyambirira ndi lamulo lomwe ndinapereka pamwamba paja, ndipo ngati aona `0xb4` ndiye kuti ndi zimenezi.

Phunziro lake ndi la dongosolo: nkhodolero zifananitsidwe kaye, kuphwasula kubwere pambuyo. Ndondomeko yonse yomwe ndingapereke kwa Mayi Nabanda ndi iyi:

```python
import unicodedata as u

def kiyi(s):
    for c in "\u2018\u2019\u02bc\u00b4`":
        s = s.replace(c, "'")
    s = u.normalize("NFKD", s)
    s = "".join(c for c in s if not "\u0300" <= c <= "\u036f")
    return u.normalize("NFC", s.casefold())
```

Titenge mutu wongopeka, `Ng’ombe za ku MALAŴI`. Poyamba nkhodolero yopindika ikhala yowongoka. Kenaka Ŵ, yemwe ndi `U+0174`, aphwasuka kukhala W ndi `U+0302`. Mzere wotsatira utaya kachipewako chifukwa kali pakati pa `U+0300` ndi `U+036F`, dera lomwe muli tizizindikiro tambiri ta zilembo za Chilatini. Pomaliza `casefold` ichepetsa zilembo, ndipo kiyi ikhala `ng'ombe za ku malawi`. Ndaika `casefold` pambuyo pa kuphwasula mwadala, chifukwa `NFKD` imatha kubala zilembo zazikulu zatsopano, monga `™` yemwe amasanduka `TM`.

Mbewe

Ndaona ena akutaya chilembo chilichonse chomwe `unicodedata.category(c)` yake ndi `Mn`, gulu la tizizindikiro tomatirira pa zilembo. Kodi si njira yaukhondo kuposa kulemba manambala a malire? Ndiponso `NFC` ya kumapetoyo ndi yachiyani, pomwe tizizindikiro tatha kale?

Gondwe

Pa Chichewa, Chitumbuka ndi Chipwitikizi njira ziwirizo zimapereka zofanana. Kusiyana kumaoneka pa zilembo za ziyankhulo zina. M'kalembedwe ka Chihindi, mwachitsanzo, ena mwa mavawelo amalembedwa ngati tizizindikiro tomatirira, ndipo ali m'gulu la `Mn`, kotero mukataya gulu lonselo mwachotsa mavawelo m'mawu, osati zokongoletsa. Malire anga amawasiya osawakhudza. `NFC` ya kumapeto ndi yobwezeretsa zomwe zinaphwasuka koma sizinatayidwe, monga zilembo za Chikoreya zomwe `NFKD` imazigawa m'tizidutswa tiwiri kapena titatu. Ndivomere kuti malire anga nawonso ali ndi chilema. Chizindikiro cha masamu `≠` chimaphwasuka kukhala `=` ndi kamzere `U+0338`, komwe kali m'dera lomwelo, ndiye kiyi imanena zosemphana ndi mutu. Pa kufufuza mitu ya mabuku ndingapirire zimenezo, koma pa nkhokwe ya mafunso a masamu sindingatero. Ndipo ø ndi ł amatsala momwe aliri, osatayidwa ngati kale koma osasandukanso o ndi l. Amene akuwafuna ayenera kulemba tebulo lakelake, ndipo umu ndi momwe `unaccent` ya pulogalamu ya nkhokwe ya PostgreSQL imachitira, imawerenga fayilo ya malamulo yotchula chilembo ndi cholowa m'malo mwake.

Kalua

Pepani, nanenso vuto langa ndi lomweli. Mu fayilo yomwe ndinatsegula, paliponse pomwe payenera kukhala Malaŵi pakuoneka `MalaÅµi`. Ndayesa ndondomeko ya Bambo Gondwe koma yatulutsa `malaaμi`, zomwe zanyanya kuipa.

Gondwe

Bambo Kalua, lanu ndi vuto lina, ndipo musaidutsitse fayiloyo m'ndondomekoyi mpaka litakonzedwa. Mu `UTF-8`, ŵ amasungidwa ndi mabaiti awiri, `C5` ndi `B5`. Pulogalamu yanu yawerenga fayiloyo ngati ya `Windows-1252`, momwe baiti iliyonse ndi chilembo pachokha, ndiye `C5` waoneka ngati Å ndipo `B5` ngati µ. Tsegulaninso fayilo yoyambirira mutasankha `UTF-8`, ndipo ŵ abwerera. Mukayamba mwachotsa kamphete ka pa Å, mwataya umboni womwe ukanakuthandizani kubwezeretsa.

Chisale

Ndamva za kusunga mutu weniweni, ndipo ndagonja pamenepo. Koma ndikuona kuti ndondomekoyi yasiya dzenje lalikulu kuposa la kachipewa. Mwafananitsa nkhodolero zonse, inde, koma achinyamata ambiri pa foni saika nkhodolero n'komwe. Amalemba ngombe, mmudzi, nchifukwa. Wolemba `ngombe` sadzapeza `ng'ombe`. Ngati cholinga ndi chakuti munthu apeze buku, nkhodolero nayonso ichotsedwe mu kiyi.

Nabanda

Ndaganizira zimenezi usiku wonse, Bambo Chisale, ndipo mtima wanga wagawanika. Kachipewa ndi nkhodolero sizilemera mofanana. Sindikukumbuka wowerenga aliyense amene anasokonezekapo chifukwa ŵ walembedwa w, koma m'bale ndi munthu pomwe mbale ndi yodyeramo nsima, ndipo ng'oma ndi yoimba pomwe ngoma ndi nyama ya kutchire. Tili ndi mabuku a nyimbo za mapemphero momwe mawu oti m'bale ali pa mitu yambiri, komanso timabuku ta zaumoyo ndi zophikaphika totchula mbale. Ndikachotsa nkhodolero, mayi wofuna za ukhondo wa mbale adzalandira mndandanda wautali wa nyimbo.

Anaphiri

Kwa ife kuchipatala yankho ndi losavuta, chifukwa kuli bwino mlembi aone maina asanu n'kusankhapo limodzi kusiyana ndi kuti asaone kalikonse n'kutsegula khadi lachiwiri. Komabe nkhani ya Mayi Nabanda ndikuimvetsa. M'Chipwitikizi namonso avó ndi agogo aakazi pomwe avô ndi agogo aamuna, ndipo ndondomekoyi imawasandutsa onse `avo`. Pofufuza palibe vuto. Chomwe ndamuletsa mnyamata wathu ndi kugwiritsa ntchito kiyiyo pophatikiza okha makadi omwe akuoneka ofanana. Kuphatikiza kumafuna munthu ayang'ane tsiku lobadwa ndi mudzi.

Gondwe

Chenjezo la Mayi Anaphiri ndi lofunika, ndipo pa chifukwa chomwecho danga la kiyi lisakhale ndi lamulo la `UNIQUE` loletsa kiyi kubwerezedwa, chifukwa mitu iwiri yosiyana imatha kubala kiyi imodzi. Pa za nkhodolero, ine ndikanasunga makiyi awiri, ina yokhala ndi nkhodolero ndi ina yopanda. Zotsatira zogwirizana ndi kiyi yoyamba zikhale pamwamba, zogwirizana ndi yachiwiri yokha zibwere pansi pake. Wolemba `mbale` adzaona za mbale poyamba ndi za m'bale pambuyo, ndipo wolemba `ngombe` adzapezabe ng'ombe zake. Kumbukiraninso kuti tsiku lililonse mukasintha ndondomekoyi, ngakhale mzere umodzi, makiyi onse akale ayenera kupangidwanso, apo ayi mitu yakale ndi yatsopano idzakhala ikutsata malamulo osiyana.

Chisale

Makiyi awiri ndi ntchito yowirikiza pa laibulale yomwe ili ndi munthu mmodzi woyang'anira kompyuta. Ine ndikadaumirirabe pa kiyi imodzi yopanda nkhodolero, popeza mndandanda wautali sunaphepo munthu, ndipo wowerenga ali ndi maso oti asankhe.

Nabanda

Zikomo nonse. Ndawonjezera danga la kiyi, ndadutsitsamo mitu yonse, ndipo buku la mphunzitsi uja tsopano likutuluka kaya munthu alembe `Malawi`, `Malaŵi` kapena `MALAWI`. Mitu yeniyeni ndaidutsitsa mu `NFC` yokha kuti ŵ akhale wa mtundu umodzi paliponse, ndipo ndatsimikiza ndi `unicodedata.is_normalized("NFC", s)` kuti palibe wotsalira. Za nkhodolero sindinagamule. Pakadali pano ndaisiya mu kiyi, ndipo ndakonza kuti pulogalamu izilemba m'fayilo mawu onse omwe anthu afufuza osapeza kanthu. Pakutha pa mwezi ndidzawerenga fayiloyo kuti ndione kuti ndi angati akulemba `ngombe` ndi `mmudzi`. Bambo Gondwe, funso limodzi latsala: m'mabuku awiri a galamala muli ŋ m'malo mwa ng', ndipo sindikudziwa ngati ndimusandutse `ng'` mu kiyi kapena ndimusiye, popeza m'mitu ina ya mabuku a ziyankhulo za kumadzulo kwa Africa chilembo chomwecho chilimonso.